Kuchititsa hayala njinga yamoto osaidya nokha

Njinga yamoto ikangokhala pakhonde miyezi itatu, batire limatha mphamvu, matayala amaphwa, ndipo aliyense wobwera kudzacheza amanena zomwezomwezo: "Bwanji osapatsa munthu aziyendetsa, azikubweretserani kangachepe madzulo aliwonse?" Nzeruyo ndi yabwino ndithu. Chimene sakuuzani n'chakuti ndalama imene mumalandira madzulo ija si yanu yonse. Mbali yaikulu ndi ya njingayo, chifukwa kilomita iliyonse imene yayenda yadyako tayala, yadyako tcheni, yadyako injini. Mukamadya ndalama yonse, ndiye kuti mukudya njinga yanu pang'onopang'ono, ndipo mudzazindikira tsiku limene makaniko adzakuuzeni kuti injini ikufunika kuphwasula, inu m'thumba muli mbee.

Ine ndinadutsamo m'zimenezi, ndipo zimene ndalemba apa ndi ndondomeko imene ndikanakonda wina akanandipatsa ndisanapereke makiyi koyamba.

Choyamba, khalani pansi ndi pepala

Musanayambe kufunafuna woyendetsa, dziwani kaye kuti njingayo imadya zingati pa mwezi ikamagwira ntchito. Popeza mitengo imasiyana malo ndi malo ndiponso imasintha, tiyeni tigwiritse ntchito manambala ongoyerekezera. Inu mudzaikemo anu enieni mukafunsa kwa makaniko ndi kwa ogulitsa zipangizo.

Tinene kuti njinga yanu, mutati muigulitse lero, ingagulidwe 1,000. Woyendetsa wavomera kumakupatsani 5 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Pa mwezi ndi masiku 26, ndiye 130. Munthu akaona 130 mtima umadumpha: miyezi 8 yokha njinga yadzigula! Dikirani kaye.

Wakabaza wogwira ntchito tsiku lonse savutika kukwanitsa makilomita 100. Pa mwezi ndi makilomita 2,600, pa chaka amaposa 30,000. Mwina inuyo zaka zitatu zonse zimene mwakhala nayo njingayo simunafikepo pamenepo. Pa mtunda woterowo muzisintha oyilo pafupifupi kawiri pa mwezi, tinene 12. Tayala lakumbuyo, lomwe limasenza katundu n'kumakankhanso njinga, litha msanga kuposa lakutsogolo. Mukagawa mtengo wa onse awiri pa miyezi imene amakhala, tinene 11 pa mwezi. Tcheni ndi masipuroketi 5. Mabuleki, pulagi, makebulo ndi sefa ya mpweya 7. Zonsezi pamodzi zakwana 35. Onjezerani inshuwalansi ndi mapepala a boma, zomwe mumalipira kamodzi pa chaka koma mukazigawa zikhale 5 pa mwezi. Tafika pa 40.

Tsopano pali chimene ambiri amachiiwala chifukwa palibe amabwera kudzachilipiritsa: kutsika kwa mtengo wa njinga. Ikagwira kabaza chaka chathunthu, njinga ya 1,000 ija mwina anthu azidzakupatsani 600. Yataya 400, kapena kuti 33 mwezi uliwonse. Kuphatikiza ndi 40 uja, njinga ikudya 73 pa mwezi.

Nayo 130 ija simudzaiona yonse. Pali tsiku limene njinga igone kugalaja, tsiku limene woyendetsa adwale, tsiku la mvula yosalekeza. Chotsanipo masiku 4, atsale 22, ndalama yolowa ikhale 110. Mukachotsa 73, yanu yeniyeni ndi 37. Si yoipa, koma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene yadutsa m'manja mwanu, osati yonse ayi.

Taonani zimene zimachitika woyendetsa akamayenda makilomita 150 pa tsiku m'malo mwa 100. Ndalama yokonzera ija ichoka pa 35 kufika cha m'ma 52, njinga ikalamba msanga, koma inu mukulandirabe 5 yemweyo. Phindu lanu latsika kufika pa 20, mwinanso kucheperapo. N'chifukwa chake nkhani ya makilomita ibwerabwera m'munsimu. Mukawerengetsa ndi manambala anu n'kupeza kuti chotsala n'chochepa kwambiri kapena palibe, kwezani hayala. Ngati anthu sangalipire mtengo wokwererapo, kuli bwino kungoigulitsa njingayo idakali ndi mtengo.

Chachiwiri, mapepala

Apa sindichedwapo, koma musapadumphe. Inshuwalansi imene munadula yoti muziyendera nokha nthawi zambiri siteteza njinga yonyamula anthu olipira kapena yochititsa hayala. Ngozi itachitika, kampani ikhoza kukana kulipira chifukwa njinga imagwira ntchito ina, osati imene munalembetsa. Pitani mukawauze poyera zimene mukufuna kuchita, akuuzeni mtundu woyenera. Safunsa anadya phula. Funsaninso ku ofesi yoona za pamsewu ya kwanuko ngati pamafunika chilolezo chapadera chonyamulira anthu, chifukwa malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko. Woyendetsa akhale ndi laisensi ya njinga yamoto yosatha ntchito, ndipo muione ndi maso anu, osangomva kuti "ili kunyumba". Mapepala enieni aumwini asachoke m'nyumba mwanu. Iye ayende ndi makope, kupatula okhawo amene lamulo limafuna kuti akhale enieni.

Chachitatu, munthu wake

Wachibale ndi amene amabwera msanga, ndipo ndi amene amavuta kumulanda njinga zinthu zikasokonekera. Sindikuti musampatse. Ndikuti ngati mukudziwa mumtima kuti simungathe kumuuza kuti "bweretsa makiyi", musayambe n'komwe.

Amene mukumuganizirayo, kaoneni komwe amagona. Simukupita kukaona ngati ndi wolemera kapena wosauka, mukukaona komwe njinga izigona: kodi ilowa m'nyumba kapena izitsamira khoma panja? Funsani ngati anayendetsapo njinga ya munthu wina, ndipo mukalankhule ndi mwiniwakeyo. Funso lothandiza si lakuti "kodi ndi munthu wabwino?" chifukwa aliyense amayankha kuti inde. Funsani kuti, "Anakubwezerani njinga ili bwanji, nanga anasiyiranji?" Kenako mukwere kumbuyo, akuyendetseni kamtunda pang'ono. Mumva nokha ngati amasintha magiya mofatsa kapena mochita kumenya, ngati dzanja lake limangokhala lopanikiza kilatchi, ngati amachepetsa liwiro pokumana ndi dzenje kapena amangolimbana nalo. Mphindi 10 zimenezo zimakuuzani zambiri kuposa malonjezo a tsiku lathunthu.

Abwere ndi munthu womuimira, wokhazikika, wodziwa kuti akusaina kuti zikavuta adzathandiza kulipira. Chikole cha ndalama chikhalepo, chokwana hayala ya masabata awiri kapena kuposerapo. Sichingagule njinga ina ikabedwa, koma chimatseka ngongole ya masiku angapo ndiponso galasi losweka. Chiphaso chake chijambuleni n'kumubwezera, chifukwa amachifuna pamsewu.

Chachinayi, tsiku lopereka makiyi

Tsiku limeneli lipatseni nthawi yokwanira, chifukwa mikangano yambiri ya m'tsogolo imathera pomwepa. Yambani mwaipititsa kusevisi njingayo: oyilo watsopano, tcheni chokungidwa bwino, mabuleki ogwira. Mukapereka njinga yodwala kale, simudzatha kusiyanitsa chimene waononga iye ndi chimene chinali choonongeka.

Ikani njinga poyera masana, pakhale inu, woyendetsa, womuimira ndi mboni yanu. Jambulani ndi foni mbali zonse zinayi, kenako muyandikire. Jambulani mita yowerenga makilomita manambala akuoneka bwino. Jambulani nambala ya injini, yomwe imadindidwa pachitsulo cha injiniyo cha m'munsi, ndi nambala ya chasisi, yomwe pa njinga zambiri imakhala pakhosi, pomwe mahandulo amazungulira. Pomwe pali pokalika kapena popindika, palozeni ndi chala n'kujambula, onse akuona. Zithunzizo mutumizireni woyendetsa nthawi yomweyo kuti nonse mukhale nazo zofanana.

Ndiye pali kuba kumene sikuoneka. Njinga imabwera madzulo ili yathunthu, koma batire latsopano lija lasinthidwa ndi lakale, tayala labwino lapita pa njinga ya mnzake. Nthawi zina woyendetsa sadziwa n'komwe, zachitikira kugalaja komwe anaisiya. Mankhwala ake ndi otchipa. Tengani penti wa mtundu woonekera, mudonthezere kadontho pamalo obisika a batire, kabyuleta, kabokosi koyatsira moto ndi malimu onse awiri. Pa manati ofunika, monga omanga injini ndi wotsekera oyilo, jambulani kamzere kochoka panati kufika pachitsulo chimene yamangapo. Nati ikamasulidwa, mzerewo sulumikizananso. Matayala ambiri ali ndi manambala 4 m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa, mwachitsanzo 1524 kutanthauza sabata ya 15 ya chaka cha 2024. Alembeni m'kope. Zonsezi chitani woyendetsa akuona, musachite mobisa. Cholinga si kumutchera msampha, koma kuti adziwe kuti njingayi ili ndi mwini wake woidziwa.

Kamzere kena kofunika kwambiri kakhale pomwe kebulo ya mita imalowera pa gudumu lakutsogolo. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri mita imayenda ndi kebulo imeneyi, ndipo kuimasula ndi ntchito ya zala ziwiri. Ine ndinaphunzira mochedwa. Woyendetsa wanga woyamba ankabweretsa ndalama tsiku lililonse osaphonya, ndipo mita inkaonetsa makilomita 50 kapena 60 pa tsiku. Ndinkadzitama kuti ndapeza munthu. Patatha miyezi iwiri ndinagwada kuti ndipope tayala lakumbuyo, n'kupeza pakati pake pali see ngati chikhatho, chonsecho linali latsopano pomwe ndinkamupatsa. Nditayang'ana kutsogolo, kanati ka kebulo kanali kowala mbee chifukwa chogwiridwagwiridwa, pomwe zitsulo zoyandikana nako zinali zokutidwa ndi fumbi. Ankamasula m'mawa, n'kumanganso madzulo. Choipa kwambiri sichinali tayalalo. Ine ndinkasintha oyilo potsatira mita, ndiye kuti injini inkayenda mtunda wowirikiza ndi oyilo wotha ntchito.

Chachisanu, pangano lolemba

Tsamba limodzi ndi lokwanira, bola likhale m'chilankhulo chimene nonse mumamva, ndipo aliyense atenge lake losainidwa.

Pa kalipiridwe pali njira ziwiri: ndalama yokhazikika pa tsiku kapena pa sabata, kapena kugawana zimene wapeza. Kugawana kumamveka kwachilungamo, koma inu simukhala naye pamsewu, ndipo tsiku lililonse muzingomva kuti "lero kunalibe anthu". Ine ndimasankha yokhazikika. Vuto lake n'lakuti chilichonse choposa hayala ndi chake, choncho amakopeka kuyenda usiku, kupita kutali ndi kunyamula mopitirira. Walira mvula walira matope. Ndiye m'panganomo lembani malire a makilomita pa sabata, tinene 600 monga m'chitsanzo chija, ndi ndalama yoonjezera pa makilomita opitirira. Lembaninso dera limene njinga isatulukemo osakuuzani, nthawi yoweruka, chiwerengero cha anthu okwera, komanso kuti asabwereke munthu wina. Mfundo yomalizayi ndi imene imaswedwa kawirikawiri: woyendetsa akatopa amapatsa mnzake kuti agwireko usiku, ndipo njinga yanu imagwira maola a anthu awiri pa hayala ya munthu mmodzi.

Nanga ndani alipira chiyani? Petulo, kumata tayala likaphulika, chindapusa cha pamsewu chobwera chifukwa cha kayendetsedwe kake, ndi zonse zosweka chifukwa chogwa, zimenezo ndi zake. Oyilo, matayala akatha, tcheni, mabuleki ndi mapepala ndi zanu. Eni njinga ena amatsitsa hayala n'kumusiyira woyendetsa nkhani ya oyilo. Musatero. Munthu amene injini si yake, ndipo oyilo akugula ndi ndalama ya m'thumba mwake, adzazengereza sabata ina, kenako inanso, kapena adzagula wotchipa woyezera m'botolo losadziwika. Oyilo gulani nokha, wa mtundu umene buku la njingayo limanena, ndipo asinthidwe inu mukuona kapena kwa makaniko wanu mmodzi yemweyo. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimangofuna pafupifupi lita imodzi. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi injini.

Pangano linenenso za ngozi ndi kubedwa: akuimbireni nthawi yomweyo, akanene kupolisi tsiku lomwelo, asakonze chilichonse mwakachetechete. Linene kuti ngongole ikafika masiku angati njinga ibwerere kwa inu. Ine ndimaika masiku atatu. Ndipo linene kuti pa masiku amene njinga ili kugalaja chifukwa cha kutha kwa zipangizo, iye salipira. Mukamulipiritsa masiku amenewo, adzayamba kukubisirani matenda a njinga kuti isaime.

Chachisanu ndi chimodzi, kuiona sabata iliyonse

Tsiku limene woyendetsa amapuma pa sabata njinga igone kwa inu. M'mawa injini isanalire, tengani kope ndi kansanza, mphindi 15 zikukwanirani.

Lembani makilomita, muchotsepo a sabata yatha. Kenako yerekezani ndi zimene maso akuona. Mita ikanena zochepa koma tayala likutha msanga ndipo tcheni chikukhwepa sabata iliyonse, khulupirirani tayala. Imikani njinga mowongoka, tulutsani kamtengo koyezera oyilo, pukutani, bwezerani n'kuonanso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Akamatsika sabata ndi sabata popanda podontha, injini ikumuwotcha, ndipo mukailiza muona utsi wabuluu ku ekizozi. Akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, mwalowa madzi, mwina njinga inawoloka pamadzi akuya. Ameneyo ngosintha tsiku lomwelo. Za mtunda wosinthira tsatirani buku la njinga yanu, koma dziwani kuti ntchito yonyamula anthu, kuimaima ndi fumbi zimafuna kusintha msanga kuposa kuyenda kwa mwini yekha.

Kanikizani tcheni ndi chala pakati pa masipuroketi awiri. Pa njinga zambiri chimayenera kusewera masentimita awiri kapena atatu. Chikakhwepa kwambiri chimatha kuvuka njinga ikuthamanga, chikakungika kwambiri chimadya mabering'i. Onani mano a sipuroketi: akayamba kusongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati minga, nthawi yakwana, ndipo musinthe tcheni ndi masipuroketi onse limodzi, chifukwa tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa.

Kunyamula mopitirira nako kumasiya zizindikiro. Gogodani masipoko akumbuyo ndi sipanala mmodzimmodzi: olimba amalira ngwee, okhwepa amangoti phwa. Masipoko okhwepa kapena oduka, limu lopindika, masipuling'i akumbuyo odontha mafuta, keriyala yong'aluka powotcherera, zonsezi zikutanthauza kuti kumbuyoko kumakwera zolemera kuposa zimene munagwirizana. Kenako ikwereni nokha. Mukakoka moto injini n'kulira kwambiri koma liwiro osaonjezereka, kilatchi yayamba kuterereka. Mukasiya pang'ono kukanikiza mahandulo njinga n'kumakokera mbali imodzi, yang'anani nsonga za mahandulo ndi zopondera ngati zakalika chatsopano. Kawirikawiri ndiye kuti inagwa ndipo simunauzidwe.

Mukapeza kanthu, kambani tsiku lomwelo, modekha, chithunzi chakale chili m'manja. Woyendetsa wosamala amakondwera ndi tsiku loyendera njingali, chifukwa buleki yogwira imateteza mwendo wake. Amene amapeza zifukwa sabata iliyonse kuti njinga isabwere, wakuuzani kale zimene muyenera kudziwa.

Chachisanu ndi chiwiri, kugawa ndalama ikangolowa

Ndalama iliyonse ilembedwe m'kope limodzi, tsiku ndi kuchuluka kwake, onse awiri musaine. Ngati amatumiza pafoni, mauthengawo musafufute. Mukangolandira, igaweni patatu molingana ndi masamu aja. M'chitsanzo chathu, pa 110 ya pa mwezi, 40 ipite ku thumba lokonzera ndi la mapepala, 33 ku thumba logulira njinga ina, 37 ndiyo mudye. Thumba lachiwirilo liikeni komwe dzanja silifika msanga, chifukwa ndi limene limayamba kubwerekedwa pakhomo pakagwa vuto.

Ngongole musailole kukula. Munthu amene walephera kulipira 5 lero sadzatha kulipira 30 Loweruka, ndipo ngongole ikakula amayamba kukuzembani, njinga ili m'manja mwake. Akaphonya tsiku loyamba, muimbireni mumve chavuta. Likakwana lachitatu, njinga ibwere kunyumba monga pangano likunenera, mukambirane ili pakhonde panu. Ngati chinali chifukwa chomveka, monga matenda, mukhoza kumukhululukira masikuwo n'kumubwezera makiyi, koma zilembedwe m'kope kuti mwakhululuka masiku akutiakuti. Ngati akana kubweretsa, pitani kwa womuimira uja ndi pangano lanu. Musakalimbane naye pamsewu.

Miyezi itatu iliyonse bwererani ku pepala loyamba lija, mufufute manambala ongoyerekeza n'kuikamo enieni ochokera m'kope ndi m'malisiti. Mukaona kuti thumba lokonzera likutha mwezi usanathe kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana, pomwe woyendetsa ndi yemweyo ndipo makilomita sanasinthe, ndiye kuti njinga yakalamba. Ikonzeni bwinobwino komaliza, muigulitse ikadali yoyenda, muphatikize ndalamayo ndi ya m'thumba lachiwiri lija, mukagule ina. Woyendetsa wanu ngati anali wosamala, muuzeni kudakali mwezi kuti adziwe masiku amene akhale opanda njinga, ndipo chikole chake chisungeni padera kuti chidzapitirire pa yatsopanoyo.